Anditsekera tsamba la zikwama ati chithunzi ndinaba, apilo ndilemba bwanji?

Make Tadala: Abale mwaswera bwanji. Pepani ndilowe nkhani yanga. Kumsika wa pa intaneti kuja ndimagulitsako zikwama za chitenje anditsekera tsamba la chikwama chachikulu chija, cha R280, chomwe chimayenda kwambiri. Imelo yabwera dzulo usiku ati wina wadandaula kuti ndaphwanya kopiraiti ndipo andipatsa masiku 7 oti ndichite apilo. Zikwamazo ndimasoka ndekha pa mashini anga kuno ku Rosettenville, nde ndaba chani ine? Ndalemba kalata koma ndisanatumize ndati muione kaye.

Make Tadala: Nayi, Tadala ndi amene aiike mchingerezi akaweruka kusukulu: "Okondedwa abwana, ine ndine mayi wa ana atatu ndipo bizinesi iyi ndi imene ndimalipirira lendi ndi fizi. Sindinabepo kanthu chibadwire. Zithunzi zonse ndi zanga. Amene wandinenerayo ndi wansanje basi. Chonde ndichitireni chifundo munditsegulire, mukapanda kutero ndipita kwa loya."

Madalitso: Mayi musavutike, tsegulani akaunti ina pa dzina la Tadala muikenso zomwezo. Ku Joni kuno timayenda choncho kkkk

Yamikani: Ayi ayi Mada usawapweteketse mayiwa. Pano atseka tsamba limodzi lokha. Akaona zithunzi zomwezo, foni yomweyo, akaunti ya kubanki yomweyo pa dzina lina, amatseka zonse ndipo ndalama zomwe sanakulipireni amazigwira kaye. Make Tadala kalatayo musatumize. Amene akaiwerengeyo ali ndi ma apilo ambirimbiri pa desiki, akufuna aone chinthu chimodzi chokha, chithunzicho mwini wake ndani. Za ana atatu ndi zoona koma sizikuyankha funso limenelo, ndipo mawu oti loya ena akangowaona amasiya kukuyankhani, amati nkhani yapita kwa azamalamulo, nde mudikira mpaka liti. Tiyambe apa, imeloyo ikunena chithunzi chiti? Kapena ikunena mawu ofotokoza katundu, kapena nsalu yeniyeniyo?

Make Tadala: Dikirani ndione achimwene. Pali nambala ya mlandu pamwamba, kenako alemba Image 2 ndi linki ya webusaiti ina. Dzulo sindinaitsegule linkiyo, mtima unali m'mwamba

Make Tadala: Eeeh abale. Ndaitsegula. Ndi mayi uja wa ku Pretoria amene anaoda zikwama 20 kwa ine mu Epulo. Chithunzi changa chomwecho, chikwama chili pampando wanga wa pakhonde, wangodula m'mbali n'kudindapo dzina la shopu yake pakati. Ndinamutumizira ndekha pa WhatsApp kuti azionetsa makasitomala ake. Chisoni chinapha nkhwali ndithu

Anti Mercy: Mesa ndinanena kuti anthu oodawa si anthu. Ine anandipanganso chimodzimodzi chaka chatha, nsapato zanga zonse anazichotsa, ndinalemba makalata anayi osayankhidwa olo imodzi. Sisi musataye nthawi, sapoti ya anthu amenewa ndi khoma

Yamikani: Anti yanu ija inali ina, musaisakanize. Nsapato zija zinali ndi chizindikiro cha kampani ya eni ake, munazigula ku holoselo opanda invoisi. Imeneyo ndi ya tiredimaki ndi katundu wachinyengo, ili ndi lamulo lakelake la 1997, ndipo kumeneko amafuna pepala losonyeza kuti katundu ndi weniweni. Apa nkhani ndi ya chithunzi

Anti Mercy: Zinali zoriginolo zija achimwene

Madalitso: Zoriginolo za R150 peyala kkkkk

Bambo Phiri: Tiyeni tisasiye njira. Nkhani ya nsapato tinaikamba kale mwezi wathunthu.

Chifundo: Make Tadala izi n'zophweka, ingotumizani kauntanotisi ya DMCA, kalata yotsutsa dandaulolo. Lamulo limati akalandira ayenera kubwezeretsa tsamba lanu pakati pa masiku 10 ndi 14 ogwira ntchito pokhapokha wodandaulayo akasume kukhoti. Mayi wa ku Pretoriayo sangasume, kukhoti n'kodula. Koma vuto ndi loti chithunzicho simunachilembetse ku CIPC nde umboni wanu ndi wofooka

Yamikani: Chifundo masiku 10 mpaka 14 aja wanena zoona, koma DMCA ndi lamulo la ku America la 1998, limagwira ngati msikawo uli pansi pa malamulo a kumeneko. Ndipo fomu yake si yosewera nayo, umalumbira kuti zomwe walemba ndi zoona, umavomera kuti akhoza kukusumira ku khoti la ku America, ndipo dzina ndi adiresi yako amampatsa wodandaulayo. Make Tadala msika wanuwo ndi wa konkuno eti?

Make Tadala: Wa konkuno, amalipira ma randi, ofesi yawo ndi ya muno mu South Africa

Yamikani: Nde kuno lamulo lochotsera zinthu pa intaneti ndi lija la 2002, nambala 25, gawo 77. Limafotokoza zomwe wodandaula ayenera kulemba, dzina lake lonse, adiresi, ufulu umene akuti waphwanyidwa, chinthu chenicheni chomwe akudandaula, ndi mawu oti akunena zoona. Koma mulibemo zija zoti iwe ukayankha abwezeretse pakatha masiku akuti. Kubwezeretsa kuli m'manja mwa msikawo malinga ndi malamulo awo omwe tonse tinangodina kuti tavomera osawerenga. N'chifukwa chake kalatayo iyenera kukhala yoti munthu akawerenga asakhalenso ndi funso. Chomwe chikuthandizeni mu gawo 77 lomwelo ndi chakuti munthu wopereka dandaulo akudziwa kuti ndi labodza akhoza kulipitsidwa zomwe wakuonongerani. Za CIPC Chifundo waphonya, kumeneko amalembetsa makampani, ma tiredimaki ndi zina. Kopiraiti ya chithunzi kuno silembetsedwa, imangokhalapo chithunzi chikajambulidwa, mafilimu okha ndi amene ali ndi kaundula.

Chifundo: Kumudzi mesa amalembetsa ku COSOMA?

Bambo Phiri: Ku COSOMA oimba ndi olemba amapita kuti aziwatolerera ndalama nyimbo zikamaseweredwa. Koma ife tili kuno, chithunzi chajambulidwa kuno, tiyeni titsate za kuno.

Yamikani: Funso lotsatira Make Tadala, ndipo muyankhe mosabisa chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Tsambalo lili ndi zithunzi zingati, ndipo chilichonse anajambula ndani?

Make Tadala: Zilipo 5. Choyamba, chachitatu ndi chachinayi ndinajambula ndekha pa foni. Chachiwiri chomwe akudandaulacho anajambula mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu ali ndi kamera yaikulu, ndinamuitana kunyumba mu Malichi, ndinamupatsa R350 anajambula zikwama zonse. Chachisanu... ndi cha nsalu yokha, ndinachitenga pa sitetasi ya mwenye amene ndimagulako zitenje ku Fordsburg

Madalitso: Aaa nde zapsa. Chithunzi si chanu, n'cha mnyamatayo. Wojambula ndiye mwini, zimenezo ndikuzidziwa, m'bale wanga amajambula maukwati

Yamikani: M'maiko ena zili choncho Mada, ndipo kunonso nthawi zambiri wojambula ndiye mwini. Koma lamulo la kuno la kopiraiti, nambala 98 la 1978, gawo 21, lili ndi pokhota. Ngati munthu watuma wojambula kuti amujambulire chithunzi, n'kulipira kapena kuvomera kuti alipira, ndipo chithunzicho chajambulidwa chifukwa cha kutumako, mwini wa kopiraiti ndi wotumayo. Pokhapokha atagwirizana zina. Chikhala mnyamatayo anangojambula mwa iye yekha pa bazala ya tchalitchi kenako mayiwa n'kuchikonda n'kugula kopi, ikanakhala nkhani ina, pakanafunika pepala losainidwa loti wapereka umwini. Nde Make Tadala, munagwirizana mtengo asanabwere kapena atajambula kale? Ndipo lisiti ilipo?

Make Tadala: Lisiti ayi, ndinamupatsa pamanja. Koma ma meseji alipo, pa 10 Malichi ndinamufunsa kuti kujambula zikwama 8 ndi zingati, iye anati R400, ndinanenerera mpaka R350, anabwera pa 12

Yamikani: Basi amenewo ndi golide, kunenerera kwanu kwakuthandizani kkk. Tengani sikirinishoti yoonetsa deti ndi nambala yake. Kenako muimbireni lero akutumizireni fayilo yeniyeni ya mu kamera. Mumuuze asatumize ngati chithunzi wamba pa WhatsApp, chifukwa imachifinya ndipo imachotsa zonse zobisika mkati, deti, mtundu wa kamera, zonse. Adine pa kachizindikiro kotumizira zinthu asankhe Document, kapena atumize pa imelo. Ikafika muone dzina lake, likhala ngati DSC_0412.JPG, ndipo mukalowa pa Details muona tsiku ndi kukula kwake. Ya kamera yaikulu imakhala mwina 6000 x 4000, pomwe yomwe mayi uja ali nayo inadutsa pa WhatsApp, mbali yaitali kawirikawiri sipitirira 1600. Chachikulu kuposa zonse, yanu ndi yosadula. Iye anadula m'mbali, nde mwa inu mukuoneka zomwe mwa iye mulibe. Munthu sangatenge chithunzi chodulidwa n'kuchimeretsa m'mbali.

Make Tadala: Zoona, kumanzere kukuoneka ndowa yanga yabuluu ndi waya woyanikira zovala, ndinkachita nazo manyazi mpaka ndinamukalipira mnyamatayo

Anti Mercy: Kkkkk ndowa ikapereka umboni kukhoti

Chifundo: Koma deti ya mu fayilo munthu akhoza kuisintha pa kompyuta, asapoti akudziwa zimenezo. Ndipo ine ndaona linkiyo, mayiyo anaika chithunzicho pa webusaiti yake mu Epulo, Make Tadala tsamba lanu munatsegula liti?

Make Tadala: Mu Juni, poyamba ndinkangogulitsa kutchalitchi ndi pa sitetasi

Chifundo: Mwaona. Kwa munthu wa sapoti iye ndi amene anayamba

Yamikani: Apo Chifundo walasa, ndipo ndi chifukwa chake anatseka osafunsa. Nde kalatayo iyenera kunena yokha za Epulo ndi Juni, musadikire kuti akufunseni. Deti ya mu fayilo payokha ndi yofooka inde, koma ikagwirizana ndi meseji ya pa 10 Malichi, ndi meseji yomwe munamutumizira mayiyo chithunzicho, ndi umboni wa kubanki woti iye anakulipirani zikwama 20, zonse zikuloza kumodzi. Kubisa kuti munamupatsa nokha chithunzicho ndi kulakwitsa, mfundo yanu yamphamvu ndi imeneyo. Kumulola kuti azionetsa makasitomala si kumupatsa umwini, umwini umasamuka ndi pepala losainidwa basi. Ndilembe momwe ndikanalembera ine, Tadala akatembenuze mawu ndi mawu asakometsere.

Yamikani: "Mutu: Apilo pa mlandu nambala yakuti, tsamba la chikwama chachikulu cha chitenje.
Ndikupempha kuti muonenso chiganizo chotseka tsambali. Dandaulo likunena za chithunzi chachiwiri. Kopiraiti ya chithunzichi ndi yanga. Pa 10 Malichi ndinatuma wojambula pa mtengo wa R350, ndipo anachijambula pa 12 Malichi kunyumba kwanga. Malinga ndi gawo 21 la lamulo nambala 98 la 1978, chithunzi chojambulidwa motumidwa ndi molipira mwini wake ndi wotumayo.
Wodandaulayo ndi kasitomala wanga. Mu Epulo anagula zikwama 20 kwa ine ndipo ndinamutumizira chithunzichi kuti azionetsa ogula. Sindinamupatse umwini. N'chifukwa chake chinaoneka pa webusaiti yake tsamba langa lisanatsegulidwe mu Juni.
Ndaphatikiza zinthu zisanu: fayilo yeniyeni yosadula, ma meseji a ine ndi wojambula, kalata ya wojambula, meseji yomwe ndinatumizira wodandaulayo chithunzichi, ndi umboni wa malipiro ake. Chonde yerekezani fayilo yanga ndi yake, mbali ya kumanzere yomwe ikuoneka mwa ine mwa iye mulibe.
Ndikupempha kuti tsambali libwezeretsedwe ndipo chenjezo lichotsedwe pa akaunti yanga." Kenako dzina lanu lonse monga lilili pa akaunti ndi dzina la shopu. Basi.

Make Tadala: Yaifupi choncho? Ndipo mulibe olo pepani

Yamikani: Pepani wa chani, pa chithunzichi simunalakwe. Mukalemba pepani ena amawerenga ngati mwavomera mlandu. Ulemu ulimo, chonde alimo. Ndipo mzere womaliza uja wa chenjezo musauchotse, anthu ambiri amangosangalala tsamba likabwerera koma chilembo chimatsala pa akaunti, tsiku lina likadzabwera dandaulo lina amaziwerengera pamodzi. Ma fayilo muwapatse maina omveka ndi manambala 1 mpaka 5, osati kutumiza ma sikirinishoti 30 osokonekera. Muyankhe pa imelo yomweyo kapena pa fomu ya apilo yomwe akulozerani, musatsegule matikiti atsopano tsiku lililonse.

Bambo Phiri: Kalata ya wojambulayo ndingaonjezere. Mnyamatayo apite pa polisi iliyonse akalembe afidaviti, kalata yolumbira, ndi ulere, amangofuna chiphaso chake. Alembe kuti anatumidwa ndi mayiwa, tsiku lakuti, analandira R350, ndipo sanagulitse chithunzicho kwa wina aliyense. Chidindo cha polisi chimalemera kuposa meseji.

Make Tadala: Mmm bambo, mapepala a mnyamatayo sali bwino kwenikweni, pa polisi sangapondeko

Bambo Phiri: Ndamva. Ndiye alembe pa pepala wamba asaine, aike deti ndi nambala ya foni. Afidaviti mukalembe inuyo ngati mungathe.

Anti Mercy: Nanga cha mwenye chija? Aliyense wangochidumpha. Ine ndikuti musachitchule n'komwe, sanafunse za icho, mbuzi ikagona osaidzutsa

Chifundo: Ayi anti, akamaunika apilo amatsegula tsamba lonse. Akachipeza okha aziti mayiwa ndi ozolowera kutenga zithunzi za eni. Bola kunena nokha kuti chachisanu ndachichotsa

Yamikani: Apa ine ndili pakati. Chomwe sindikukayika ndi ichi, mawu aja oti zithunzi zonse ndi zanga achoke, chifukwa ndi bodza ndipo bodza limodzi ligwetsa zoona zonse zija. Kalata yanga ikunena za chithunzi chachiwiri chokha, sikunama paliponse. Chachisanucho jambulani chanu mawa m'mawa, yalani nsalu pabedi pafupi ndi windo, mphindi ziwiri zokha. Ngati tsamba lotsekedwalo likulola kusintha, sinthani musanatumize apilo. Ngati silikulola, ine ndikanaika mzere umodzi kumapeto woti chithunzi chachisanu ndikufuna kuchisintha ndi chatsopano, osafotokoza zambiri. Koma ndikudziwa ena amene anapambana osatchula kanthu.

Make Tadala: Ndayesa pompano, batani la Edit ndi lotuwa silikudinika

Anti Mercy: Nde musatchule sisi, mukudziitanira mlandu wachiwiri

Chifundo: Atchule

Madalitso: Ine funso langa ndi lina, nanga maluwa a pa chitenjepo mwini wake ndani? Fakitale ikadzabwera kuti dizaini ndi yathu?

Yamikani: Dizaini ya pansalu ili ndi mwini wake inde, kujambula kumeneko ndi ntchito yotetezedwa. Koma mayiwa sakudinda nsalu, akugula yodindadinda n'kusoka. Vuto limabwera nsaluyo ikakhala yokopera, kapena ikakhala ndi zidole za m'makatuni ndi zizindikiro za matimu a mpira, zimenezo ndiye amachotsa msanga. N'chifukwa chake ma lisiti a ku Fordsburg muzisunga. Koma mu kalatayi musailowetse, palibe wafunsa.

Bambo Phiri: Ine monga wamkulu ndinene chimodzi. Musanalimbane ndi asapoti, bwanji osamuimbira mayi wa ku Pretoriayo? Mwina si iye, mwina ndi mwana amene amamuyendetsera webusaiti anangoona chithunzi chofanana n'kudandaula. Wodandaula akalemba yekha kuti ndabweza dandaulo, tsamba limatseguka msanga kuposa apilo iliyonse.

Make Tadala: Bambo ndikamuimbira panopa ndilankhula zoti mawa ndikalapa kutchalitchi

Yamikani: Nde musaimbe, lembani meseji, imakhalanso umboni. Mawu atatu okha, chithunzi ichi ndinakutumizirani ine tsiku lakuti, nayi sikirinishoti, chonde lemberani msika kuti mwabweza dandaulo pofika Lachinayi. Osatukwana, osamuika pa sitetasi. Koma tengani ma sikirinishoti a macheza anu onse kaye, ndi a webusaiti yake yomwe, asanachotse. Ndipo masiku 7 aja akuyenda, musadikire yankho lake mpaka nthawi ithe, ayankhe asayankhe apilo ipite pofika Lachisanu.

Make Tadala: Ndatenga zonse. Mnyamata wayankha, akuti fayilo ili pa memori khadi ina, aifufuza usiku uno akaweruka. Ndamuuza za Document kawiri

Make Tadala: Mayi uja ndamulembera 20:14. Matiki awiri abuluu. Sakuyankha koma akuoneka kuti ali pa intaneti

Anti Mercy: Akufunsa mwamuna wake choyankha kkkk

Make Tadala: Walemba tsopano. Akuti iye anagula zikwama pamodzi ndi zithunzi zake, ndipo ine ndikumulanda makasitomala chifukwa ndikugulitsa R280 pomwe iye akugulitsa R420. Akuti ndikakweza mtengo achotsa dandaulo

Yamikani: Sikirinishoti imeneyo pompano asanaifufute. Wavomera yekha kuti chithunzi chinachoka kwa inu ndipo nkhani yake ndi ya mtengo. Chimenecho chikhale cholumikiza nambala 6, ndipo mu kalata musinthe pomwe ndinati zisanu pakhale zisanu ndi chimodzi. Musamuyankhenso usiku uno.

Chifundo: Nanga mzere wa chithunzi chachisanu tagwirizana chani?

Make Tadala: Ndigona nazo kaye. Tadala wayamba kale kutembenuza, akufunsa kuti kutumidwa pa chingerezi cha malamulo amati chani, a Yamikani mumuthandize ku inibokosi